Kwa dokotala wa chipukuta misozi, tisiye kunena kuti "ndili bwino"

Ife tinaleredwa kuti munthu akatifunsa za moyo, tiziyankha kuti "tili bwino, kaya inu", ngakhale thupi likuphwanya. Ndi ulemu wabwino, koma ukalowa mu lipoti la dokotala pambuyo pa ngozi ya pamsewu, umadyetsa banja ndalama.

Ku England ndi Wales, kuyambira pa 31 Meyi 2021, kampani ya inshulansi siloledwa kulipira munthu amene wavulala khosi kapena msana chifukwa cha kugwedezeka pa ngozi ya galimoto popanda lipoti la dokotala. Amene alibe loya amadandaula kudzera pa Official Injury Claim, ndipo dokotala wake amasankhidwa pa mndandanda wa MedCo. Si dokotala wa masiku onse amene amawadziwa amayi anu. Kawirikawiri amawaona kamodzi kokha, n'kulemba miyezi imene akuganiza kuti ululuwo utenga. Ndalama zimatsatira miyezi imeneyo.

Tiyerekeze kuti amayi agundidwa kumbuyo ataima pa maloboti. Patapita masabata angapo dokotala akuwafunsa, iwo n'kuti "zikuchepa, tikuthokoza Mulungu", inu n'kumasulira kuti akupeza bwino. Dokotala alemba kuti achira pasanathe miyezi itatu. Pa mitengo imene inakhazikitsidwa mu 2021, amenewo anali mapaundi 240. Koma ngati zoona zake n'zakuti khosi lidzawawa mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu, anayenera kulandira mapaundi 840. Mitengoyi inakwezedwa mu 2025, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Ena amati kufotokoza ululu wonse kumaoneka ngati dyera. Ife tikuti ayi. Kukokomeza ndi bodza, ndipo khoti likaligwira likhoza kutaya mlandu wonse. Koma kuchepetsa nakonso kumabisa choonadi. Dokotala akufunika kumva zenizeni: amadzuka kangati usiku, ajomba masiku angati kuntchito, akulephera kutembenuza khosi pobweza galimoto m'mbuyo. Ngati msana unkawavuta kale, anene, chifukwa zikadzapezeka m'mafayilo a kuchipatala atazibisa, mawu awo onse adzakayikiridwa.

Inu amene mumaperekeza makolo, musasalaze mawu awo. Akati dzanja likuchita dzanzi, nenani dzanzi. Lipoti likafika, liwerengeni nawo mzere ndi mzere lisanatumizidwe ku inshulansi: tsiku la ngozi, mbali imene inavulala, masiku amene sanagwire ntchito. Zolakwika zotere mungapemphe kuti zikonzedwe, ngakhale maganizo a dokotalayo simungawasinthe.

Ndipo musathamangire kusainira. Mukavomera ndalama, nkhani yatsekedwa, ngakhale ululu upitirire. Ngati miyezi imene dokotala analemba yatha koma amayi sanachire, pemphani kuti awaonenso. Mungosamala kuti nthawi yokasuma kukhoti nthawi zambiri imatha pakapita zaka zitatu chichitikireni ngoziyo.