Mvula mu lipoti la mpira wa pasukulu

Timu ya sukulu ikapambana movutikira masewero a chikho amene achitika mvula ikugwa mwamphamvu, wophunzira kapena mphunzitsi amene wapatsidwa ntchito yolemba lipoti m'kanyuzipepala ka sukulu kawirikawiri amayamba ndi mitambo yakuda, kenaka ochemerera onyowa, kenaka kulimba mtima kwa anyamata, ndipo zigoli zimadzatchulidwa m'ndime yachitatu, malo atatsala pang'ono kutha. Cholakwika apa si kutchula mvula, popeza mvulayo inagwadi, koma kuitchula ngati chokometsera nkhani pamene kwenikweni inali chimodzi mwa zifukwa zimene masewero anathera momwe anatheramo. Lipoti la masewero ndi nkhani yofotokoza amene anapambana, zigoli zimene anapambana nazo ndi njira imene zigolizo zinabwerera, choncho mvula iyenera kulowamo pamalo pokhapo pamene inasintha kayendedwe ka mpira, maganizo a osewera kapena chigamulo cha woyimbira.

Ntchito yambiri imachitika pabwalo, cholembera chisanafike pa pepala loyera. Inki imafalikira pa pepala lonyowa ndipo bolopeni amakana kulemba, pamene pensulo imalembabe, n'chifukwa chake wolemba wodziwa amatenga mapensulo awiri ndi kope laling'ono limene amaliika m'jumbo yoonekera mkati n'kumalemba dzanja lili m'jumbomo. Masewero asanayambe amapempha kwa aphunzitsi a matimu onse awiri mndandanda wa osewera ndi manambala a majezi awo, ngakhale akudziwa kuti pofika chigawo chachiwiri matope adzakhala atakwirira manambala ambiri, ndipo amafunsanso kutalika kwa chigawo chilichonse. Funso lomalizali ena amalipeputsa. Malamulo a mpira wamiyendo, amene alipo 17 ndipo amasungidwa ndi bungwe la IFAB lomwe linakhazikitsidwa mu 1886, amanena pa Lamulo 7 kuti masewero amakhala ndi zigawo ziwiri za mphindi 45, koma amalola kuti nthawiyo ichepetsedwe ngati woyimbira ndi matimu agwirizana masewero asanayambe ndipo malamulo a mpikisanowo akuvomereza. M'masewero a ana a sukulu zigawo zazifupi si zachilendo, motero chigoli cha mphindi 66 chimene chingaoneke cha pakati m'masewero a mphindi 90 ndi cha kumapeto kwenikweni m'masewero a zigawo za mphindi 35. Wolemba amene sanena kutalika kwa masewero amabisira owerenga kuti chipambanocho chinabwera nthawi itatsala pang'ono bwanji.

Kuti mfundo zioneke bwino, nayi nkhani yongoyerekeza. Sukulu yapambana 2-1 m'ndime ya chipulula, imene wogonja amatulukiratu mumpikisano, pabwalo la dothi lofiira lomwe mbali imodzi ndi yotsika. Alendo anagoletsa pa mphindi 12 bwalo likadali louma, mvula inayamba pa mphindi 25, woyimbira anaimitsa masewero kwa mphindi 20 chifukwa cha ziphaliwali, ndipo eni bwalo anabweza chigoli pa mphindi 48 n'kudzagoletsa chachiwiri pa mphindi 66, kutatsala mphindi 4. Chigoli chopambanitsacho chinabwera pamene wotchinga kumbuyo wa alendo anabwezera mpira kwa goloboyi wake, mpirawo n'kuima m'chithaphwi usanafike, ndipo wosewera wakutsogolo wa eni bwalo anaupeza asanaufikire goloboyiyo. Patangotha mphindi ziwiri, mpira wa alendo unadutsa goloboyi wa eni bwalo n'kukaima m'matope pa mzere wa golo, ndipo woyimbira anakana kuti chinali chigoli.

Wolemba wosazolowera angayambe motere: "Ngakhale kunali chimvula chadzaoneni, anyamata athu olimba mtima anaonetsa kuti ndi akatswiri ndipo anaphunzitsa adani awo mpira." Chiganizo chimenechi sichinena zigoli, mpikisano, tsiku kapena chifukwa, ndiponso chikunama, popeza timu imene yapambana ndi chigoli chimodzi chobwera chifukwa cha chithaphwi sinaphunzitse aliyense mpira. Chiyambi choyenera chingakhale chotere, mayina ndi tsiku zitaikidwa m'malo mwake: "Timu ya sukulu yathu yafika m'ndime ya matimu anayi itagonjetsa alendo 2-1 Loweruka, pamene wosewera wa Fomu 3 anagoletsa kutatsala mphindi 4 atapeza mpira umene unaima m'madzi kutsogolo kwa golo." Apa mvula yalowa ngati chifukwa cha chigoli, ndipo wowerenga amene angalekere pomwepa wadziwa kale zofunika zonse. Atolankhani amatcha kalembedwe kameneka piramidi yozondoka, kutanthauza kuti zofunika kwambiri zimakhala pamwamba ndipo zocheperako zimatsatira, kotero kuti mkonzi akasowa malo amadula kumunsi nkhani osawonongeka.

Malo ambiri a lipoti, limene m'kanyuzipepala ka sukulu mawu 300 kapena 400 amalikwanira, ayenera kupita pa kufotokoza zimene madzi anachita. Bwalo lonyowa ndi bwalo lodzaza madzi n'zosiyana, ndipo kusiyanako n'kumene kumapereka nkhani. Mvula ikangonyowetsa udzu, mpira umaterera n'kuthamanga kuposa masiku onse, choncho mipira yomenyedwa pansi kuchokera patali imavutitsa goloboyi, amene amaigwira n'kumupulumuka. Madzi akaima, zinthu zimatembenuka, chifukwa mpira wopatsirana pansi umafera panjira, wosewera wothamanga nawo amaupitirira n'kuusiya kumbuyo, ndipo timu yozolowera kupatsirana pafupipafupi imataya mwayi wake wonse kwa timu yomenya mipira yaitali ya m'mwamba. Mu nkhani yoyerekezayi, funso limene wolemba ayenera kuyankha ndi lakuti ndi timu iti imene inazindikira msanga kusinthaku. Ngati mphunzitsi wa eni bwalo anauza osewera ake pa nthawi yopuma kuti asiye kubwezera mpira kumbuyo ndipo azimenyera mipira kumbali yotsika kumene madzi anadikha, ndiye kuti chigoli cha mphindi 66 sichinali mwayi wokha, ndipo zimenezi zimadziwika pofunsa mphunzitsiyo masewero atangotha, iye asanayambe kukumbukira zinthu mokomera zotsatira. Kudziwa bwalo lako ndi mwayi wa eni malo umene lipoti lachilungamo liyenera kuuvomereza.

Chitsanzo chodziwika cha kufotokoza mvula ngati chifukwa ndi masewero otsiriza a Chikho cha Dziko Lonse a pa 4 Julayi 1954 mumzinda wa Bern ku Switzerland, pamene West Germany inagonjetsa Hungary 3-2 mvula ikugwa. Hungary inali itagonjetsa timu yomweyo 8-3 m'ndime ya magulu, ndipo tsikulo inatsogola 2-0 m'mphindi 8 zoyambirira, koma Helmut Rahn anagoletsa chigoli chopambanitsa pa mphindi 84. Olemba mbiri ya masewerowa amatchula nsapato zimene Adi Dassler anakonzera Ajeremani, zokhala ndi mano akunsi ochita kumangirira amene ankatha kusinthidwa n'kuikapo aatali oyenera matope, ndiponso amatchula chigoli cha Ferenc Puskás cha kumapeto chimene chinakanidwa poti anali pa ofusayidi, chigamulo chimene anthu amatsutsanabe mpaka lero. Nkhani ya Bern imasimbidwa ndi zinthu zonse ziwiri, nsapato ndi chigoli chokanidwacho, ndipo sizichotsera opambana ulemu wawo. Pabwalo la sukulu funso la nsapato ndi lalikulu koposa, chifukwa zimachitika kuti osewera ena ali ndi nsapato za mpira pamene ena avala zopanda mano kunsi, ndipo pa dothi loterera kusiyana kumeneku kungafotokoze zambiri kuposa mawu onse onena za kulimba mtima.

Mpira umene unaima pa mzere ndiwo umayesa chilungamo cha wolemba. Lamulo 10 limati chigoli chimakhalapo mpira wonse ukadutsa mzere wa golo pakati pa mitengo iwiri ndi pansi pa mtengo wopingasa, kotero mpira umene waima pamwamba pa mzere, ngakhale mbali yake yaikulu italowa, si chigoli ndipo masewero amapitirira. Vuto la tsiku la mvula ndi lakuti mzere wolembedwa ndi laimu kapena phulusa umakhala utafufutika, ndipo wolemba amene anaima pakati pa bwalo sakanatha kuona. Njira yabwino ndi kulemba zimene zikudziwika: mpira unaima m'matope pakati pa mitengo, alendo anadandaula kuti unalowa, woyimbira amene anali pafupi anati sunadutse wonse, ndipo wotchinga kumbuyo wa eni bwalo anauchotsa. Kusiya nkhaniyi n'kunamiza owerenga amene ambiri a iwo analipo, ndipo kulemba kuti mpira sunalowe konse n'kunena chinthu chimene wolembayo sanaone. Kuimitsidwa kwa masewero nakonso kulembedwe ndi nthawi yake ndi chifukwa chake, popeza Lamulo 5 limapatsa woyimbira mphamvu zoimitsa kapena kuthetsa masewero, ndipo makolo amafuna kudziwa kuti ana awo anachotsedwa pabwalo pamene ziphaliwali zinayandikira. Powerenga mphindi za zigoli, nthawi imene masewero anaima siiwerengedwa, ndipo wolemba amene anangoyang'ana wotchi yake osachotsera mphindi 20 zija adzalemba chigoli cha mphindi 66 ngati cha mphindi 86, m'masewero amene anali a mphindi 70.

Pa mayina pamafunika kusamala kwa mitundu iwiri. Wogoletsa atsimikizidwe kwa woyimbira kapena kwa mphunzitsi wa timu, chifukwa pa chigulugulu cha m'matope anthu amachemerera amene wathamangira kukona osati amene wakhudza mpira komaliza, ndipo kanyuzipepala kameneka mwina ndi malo okhawo amene chigolicho chidzalembedwe. Koma mwana wa timu ya alendo amene anabweza mpira wofera m'chithaphwi asatchulidwe dzina. Wosewera wolipidwa amadziwa kuti zolakwa zake zidzalembedwa, pamene wophunzira wa zaka 15 sanavomere zimenezo, ndipo mawu akuti "wotchinga kumbuyo wa alendo" amafotokoza chigolicho mokwanira. Zikanakhala kuti masewero anathera pa mapenate, zotsatira zikanalembedwa padera, monga 1-1 kenaka 4-3 pa mapenate, chifukwa zigoli za mapenate a kumapeto siziphatikizidwa ndi za m'masewero, ndipo wophonya penate akanayenera chitetezo chomwecho.

Kanyuzipepala ka sukulu kamatuluka patapita masiku kapena masabata, pamene aliyense akudziwa kale zotsatira, choncho mawu ngati "dzulo" alowedwe m'malo ndi tsiku lenileni, ndipo ndime yomaliza inene timu imene sukulu idzakumane nayo, tsiku ndi bwalo, zitatsimikizidwa kwa okonza mpikisano. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, masiku a masewero amasunthidwa kawirikawiri, motero mkonzi afunsenso za tsikulo kanyuzipepala katatsala pang'ono kusindikizidwa.