Amalume ankaonda, ife tinkati ndi shuga basi

Amalume anga akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 7. Chaka chatha atayamba kuonda, palibe pabanja amene anadabwa. Tinkangoti, "Ndi shuga yomweyo, mwina sakutsatira zakudya." Chifuwa chimene ankatsokomola tinachinamizira fumbi la mu Okutobala.

Amene anatiimitsa anali namwino wa ku kiliniki ya shuga. Asanawapatse mapiritsi a mwezi umenewo anawafunsa mafunso anayi: "Bambo, mukutsokomola, ndipo zayamba liti? Thupi limatentha? Mumatuluka thukuta usiku? Mwaonda?" Atamva kuti chifuwacho chadutsa masabata awiri, anawapatsa kabotolo koti alavuliremo makhololo. Makina a GeneXpert anapeza TB.

Msampha uli pamenepa. Kuonda ndi kufooka ndi zizindikiro za matenda onse awiri, choncho munthu wa shuga akadwala chifuwa chachikulu, achibale timakhala kale ndi yankho m'manja, ndiye sitifunsanso zambiri.

Koma wodwala shuga ali pa chiopsezo chachikulu cha TB, pafupifupi kawiri kapena katatu kuposa amene alibe shuga. Anthu ambiri tili ndi tizilombo ta TB m'thupi koma sitidwala, chifukwa chitetezo chathu chimatitsekera pamalo amodzi m'mapapo. Shuga ikakhala yokwera miyezi ndi miyezi, maselo amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kupha tizilomboto amachita ulesi. Amachedwa kufika, ndipo akafika sagwira ntchito mokwanira. Apo tizilombo timadzuka n'kuyamba kuswana.

N'chifukwa chake kuyezaku kumayenera kuchitika mbali zonse ziwiri. Wa shuga amafunsidwa mafunso aja, ndipo nthawi zina amajambulidwa pachifuwa. Wopezeka ndi TB naye amabayidwa pachala kuti aone shuga. Ikakhala yokwera, amauzidwa kuti abwerenso m'mawa asanadye kanthu, ngakhale tiyi. Ikafika 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL pa makina ena, ndiye kuti pali nkhani. Komabe TB payokha imatha kukweza shuga kwa kanthawi, choncho dokotala wosamala amayezanso munthuyo atayamba kupeza bwino asanamuuze kuti ali ndi shuga ya moyo wonse.

Chimene chinatizunguza kwambiri chinabwera pambuyo. Amalume atayamba mankhwala a TB a miyezi 6, shuga yawo inakwera, pomwe mapiritsi ankamwa tsiku lililonse osadumpha. Azakhali anafika powaganizira kuti akumwa fanta mobisa. Ayi ndithu. Rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya msanga mapiritsi ena a shuga monga glibenclamide, ndiye mphamvu yake imachepa. Adokotala ataona mabuku onse awiri pamodzi anawasinthira mankhwala a shuga, n'kuwauza kuti aziyezetsa pafupipafupi mpaka amalize a TB.

Kuyambira tsiku limenelo azakhali amamanga mabuku awiriwo ndi mphira umodzi, ndipo amalume akamapita kuchipatala amayamba awasecha m'thumba kaye.