Kupisha munthu nchito si chilolezo chomutsekera zitseko zonse

Amayi ndi atate a mu Soweto, Kamwala, Matero ndi misika ina, ambiri a inu muli mbali zonse ziwiri za nkhani iyi. Mwana wanu asebenza mu shopu ya wina, inunso muli ndi mnyamata wokuthandizani pa sitandi. Maganizo athu ndi awa: bwana wakale ali ndi ufulu wokamba zoona kwa amene wamufunsa, koma alibe ufulu woweruza munthu kuti asakapezenso nchito.

Tiyambire pa pepa. Lamulo la nchito la 2019 likamba kuti nchito ikatha, bwana afunika kupatsa wanchito satifiketi ya sevisi, olo anamupisha. Pepa imeneyi ionetsa dzina la bwana, dzina la wanchito, tsiku loyamba, tsiku losiya ndi mtundu wa nchito. Si malo olembapo mkwiyo. Lefalensi, kalata ija yokamba za khalidwe, ndi ina: bwana sakakamizidwa kuilemba. Angakane. Koma akasankha kukamba, pa pepa kapena pa foni, akambe zoona.

Tiyerekeze. Mtsikana ndi kashiya mu shopu ya zovala. Tsiku lina ndalama zashota ndi K1,500, ndipo pa tilu pamakhala anthu atatu. Bwana amupisha tsiku lomwelo osamufunsa. Apa palakwika kale, chifukwa lamulo lomwelo lifuna chifukwa chomveka, ndiponso kuti wanchito apatsidwe mpata woyankha asanachotsedwe pa mlandu wa khalidwe.

Patapita mwezi, mwini shopu ina atuma foni kufunsa za iye. Bwana wakale angakambe kuti anasebenza miyezi 14 monga kashiya, ndalama zinashota, ndipo anasiyana naye. Zonsezi zinachitikadi. Akakamba kuti "ni kawalala uja, anaba", walumpha malire, chifukwa palibe anaona, palibe khoti inamupeza wolakwa. Kushota kwa ndalama ndi chochitika, kuba ndi mlandu wofuna umboni.

Malamulo oteteza mbiri ya munthu amamutchinjiriza bwana amene ayankha moona mtima kwa munthu amene afunikadi kudziwa, olo atalakwitsa pang'ono. Chitetezo chimenechi chimagwa akakamba chinthu chimene adziwa kuti ndi boza, akakamba ndi chidani, kapena akafalitsa kwa anthu amene nkhaniyo siwakhudza.

Apa ndiye pamene bulakilisiti igwera. Bwana atenga chithunzi cha mtsikana ndi nambala ya NRC, aponya mu gulupu ya WhatsApp ya eni mashopu, alemba kuti "osamulemba uyu". Palibe anamufunsa. Mwini nkhani sanaone, sangayankhe. Komanso lamulo loteteza zachinsinsi za munthu la 2021 liona chithunzi ndi NRC monga zinthu zosagawa chigawegawe popanda chifukwa chololedwa, ndipo lipatsa munthu ufulu wofunsa zimene asunga za iye ndi kuzikonzetsa ngati ndi zabodza.

Tidziwa ena mukamba kuti, "Manje ise tidziteteze bwanji? Anyamata amatibera zoona." Kuba kuliko, ndipo K1,500 kwa wamalonda ndi oda ya mawa. Koma njira yake ilipo. Lembani zimene zasowa, mufunseni pamaso pa mboni, ndipo ngati umboni ulipo pitani kupolisi. Mndandanda wachinsinsi sufunsa umboni. Mawa mulowa mtsikana amene anakana chibwenzi cha bwana, kapena mnyamata amene anafunsa za ndalama zake za NAPSA.

Wanchito angadziwe bwanji kuti anamuika pa mndandanda? Chizindikiro chake n'chakuti amamukonda pa intavyu, koma akangopereka nambala ya bwana wakale, zii. Zikachitika kawiri katatu, afunse mwaulemu amene anamukana kuti anamva chani. Ngati wina waona uthenga mu gulupu, aujambule pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya wotumiza, chifukwa mphekesera chabe sipambana mlandu. Alembere bwana wakale kalata yopempha satifiketi ndi kuti uthengawo uchotsedwe, asunge kope. Akakana, apite ku ofesi ya Leba pa nkhani ya satifiketi ndi kupishidwa, ndi ku Bungwe la boma lothandiza pa milandu pa nkhani ya kuipitsa mbiri. Osachedwa, madandaulo a kupishidwa ali ndi masiku owerengeka.

Ku makomiti a misika tipempha chinthu chimodzi: dzina la munthu lisalowe mu gulupu iliyonse mwini wake asanamvedwe. Ndipo inu mabwana, foni ikalira kufunsa za wanchito wanu wakale, kambani chabe zimene mungabwereze pamaso pa majisitireti.