MAPULANI AKAKHALITSA KU KHONSOLO, MUSAFUNSE KUTI "ZATULUKA?"

Uthengawu ndi wautali, koma amene muli ndi mapulani a nyumba kapena shopu ku khonsolo ndipo mukungouzidwa kuti "mubwere sabata ya mawa", werengani mpaka kumapeto. Ine anandizunguza miyezi isanu ndisanadziwe kafunsidwe kake.

Ambiri mumandidziwa, ndimakonza mainjini a maboti pansi pa mtengo paja. Chaka chatha ndinaganiza zomanga kashedi ka mamita 6 kwa 8 pa puloti imene adadi anandigawira, kuti mainjini a anthu azigona motsekeredwa. Ndinapeza wojambula mapulani, ndinalemba mafomu, ndinalipira ndalama yoti mapulaniwo aunikidwe, lisiti anandipatsa. Bambo wa pa kauntala anati pakatha masiku 30 ndidzamve yankho. Ine kumva choncho ndinathamangira kubanki m'khonde kukatenga ngongole, n'kugula matumba 30 a simenti kuopa kuti mtengo ukwera. Apa ndiye ndinalakwitsa koyamba. Musagule simenti chilolezo chisanatuluke. Njerwa, mchenga ndi miyala zimadikira, simenti sidikira, makamaka kuno kunyanja kwa chinyontho.

Masiku 30 anatha. Ndinapita kasanu konse, ndipo ulendo uliwonse funso langa linali limodzi: "Bwana, zija zatuluka?" Yankho nalonso linali limodzi: "Sizinatuluke, mudzayese sabata ya mawa." Ndinkabwerera nditakwiya, ndataya tsiku la ntchito, koma osadziwa kanthu kalikonse katsopano.

Maganizo anga lero ndi awa: funso loti "zatuluka?" ndi lopanda ntchito. Limapatsa munthu wa pa kauntala mpata woyankha ndi mawu amodzi osadzuka pampando. Taganizani, munthu akandibweretsera injini yokana kulira, sindimangokoka chingwe kambirimbiri n'kumati mwina ilira. Ndimatsata mafuta kuchokera mu thanki, kudutsa mu paipi, mu fyuluta, mpaka mu kabureta, kenako ndimaona ngati pulagi ikupereka moto. Penapake pamakhala patatseka. Fayilo ya mapulani imayendanso choncho.

Mapulani sasainidwa ndi munthu mmodzi. Akalandiridwa amalembedwa m'buku ndi kupatsidwa nambala. Kenako amazungulira maofesi kuti aliyense aikepo ndemanga: a zamalo aone ngati puloti ndi yanudi komanso ngati malowo ndi oyenera chimene mukufuna kumangacho, a zomangamanga aone maziko ndi denga, a zaumoyo aone chimbudzi ndi kumene madzi oipa azipita. Ena amayenera kufika pamalopo kudzaona ndi maso. Zonsezi zikatha m'pamene fayilo imapita ku komiti yoona za mapulani, ndipo komitiyo sikhala tsiku lililonse, ili ndi masiku ake okumana. Ndiye fayilo yochedwa imakhala itaima pa tebulo limodzi mwa amenewa. Ntchito yanu ndi kupeza tebulolo.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinapita ndi kope ndi cholembera. Ndinapereka moni bwinobwino, n'kuika lisiti yanga pa kauntala, n'kunena kuti: "Bwana, ndithandizeni zinthu zitatu. Nambala ya fayilo yanga ndi chiyani? Panopa ili mu ofesi iti? Ikudikira chiyani kuti ichoke mmenemo?" Bambo aja anandiyang'ana, n'kuona kuti ndikulemba tsiku ndi nthawi. Anadzuka, analowa mkati, anatha mphindi ngati 20. Pobwera anali ndi fayilo yanga m'manja.

Mukudziwa chimene chinali mkatimo? Kapepala kochokera kwa a zaumoyo kofunsa kuti oilo wakutha wa mainjini ndizimutaya kuti, poti pulani sinaonetse, komanso dzenje la chimbudzi silinalembedwe kuti latalikira bwanji ndi nyanja. Kapepalako kanali katakhala mmenemo masabata asanu ndi awiri. Nambala yanga ya foni inali pamwamba penipeni pa fomu, koma palibe anandiimbira. Funso lawolo linali labwino, sindikutsutsa, oilo akalowa m'madzi timavutika ndife tomwe. Chimene chinandiwawa n'choti wojambula mapulani uja anakonza zimenezi masiku awiri okha. Tinaonjezera kachipinda kosungiramo migolo ya oilo wakutha, n'kulemba miyeso ya dzenje. Masiku awiri, pamene ine ndadikira masabata asanu ndi awiri, ndipo komiti inali itakumana kale kamodzi fayilo yanga kulibe. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinkafunsa ndithu, koma ndinkafunsa molakwika.

Mukabweza mapulani okonzedwa, musangowasiya pa kauntala n'kumapita. Lembani kakalata konena kuti mwabweretsa chiyani, mukhale ndi makope awiri, ndipo apemphe adinde chidindo cha tsikulo pa kope yanu. Funsaninso kuti komiti ikumana liti, komanso tsiku lomaliza loti fayilo ilowe pa mndandanda wa zokambirana ndi liti. Tsiku lachiwirili ndi limene ambiri sitilidziwa. Mukaliphonya, mwadikiranso msonkhano wina.

Ine ndinachita zonsezi, koma fayilo inaimanso. Ulendo uno anati akudikira kudzaona malo, galimoto ilibe mafuta. Mkulu wina anandikokera pambali panja, n'kunena monong'ona kuti zinthu zimayenda ukaganizirako anthu "ya fanta". Apa m'pamene ndinasiya kuyenda ndi pakamwa pokha, ndinalemba kalata kwa bwanamkubwa wa khonsolo. Inali yaifupi, ndipo mukhoza kutengerapo:

"Bwana, ndinapereka mapulani a shedi yokonzeramo mainjini pa tsiku lakuti, fayilo nambala yakuti, lisiti nambala yakuti. Ndinauzidwa kuti yankho lituluka pa masiku 30. Zimene a zaumoyo anafunsa ndinakonza ndipo ndinabweza pa tsiku lakuti. Mpaka lero sindinalandire yankho. Ndikupempha mundidziwitse polemba, pasanathe masiku 14, pamene fayilo yanga yafika, chimene ikudikira, ndi tsiku limene ipite ku komiti. Malowo ali pafupi, munthu atha kufikapo wapansi, ndipo ndilipo tsiku lililonse."

Onani kuti mulibe kutukwana, mulibe dzina la munthu womuneneza, mulibe mbiri ya umphawi wanga. Muli masiku, manambala ndi pempho limodzi loyankhika. Ndinamata fotokope ya lisiti, yeniyeni ndinasunga kunyumba. Kalatayo ndinakapereka ku ofesi yolandira makalata, osati kwa munthu amene fayilo inaima pa tebulo lake, ndipo kope yanga anandidindira. Kope ina ndinawapatsa a khansala a dera lathu, osati kuti akandidumphitse mzere, koma kuti akafunse ngati munthu amene tinamusankha.

Wina anena kuti mwana wa msodzi angalembere bwanamkubwa ngati ndani? Abale, malamulo aakulu a dziko lino, gawo 43, amanena kuti ofesi ya boma ikamachita zinthu zokhudza munthu izichita motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kufunsa za fayilo yanu si chipongwe. Ndipo akakhala chete ngakhale mwalemba kawiri, ilipo ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu ozunzika ndi maofesi a boma, kwaulere. Koma kumenekonso adzakufunsani kuti munadandaulapo kwa eni ake, ndipo umboni uli kuti. Makope odindidwa aja ntchito yake ndi imeneyi. Mawu a pa kauntala amapita ndi mphepo ngati utsi wa injini.

Ine ku Ombudsman sindinafikeko. Patatha masiku 9 foni inalira. Anthu awiri anabwera wapansi, anayeza ndi tepi, sanathe ngakhale theka la ola. Fayilo inalowa pa msonkhano wotsatira, ndipo mapulani anatuluka ali ndi chidindo. Pomasula simenti ija ndinapeza matumba 9 atauma ngati mwala, mvula itayamba, mmisiri amene tinagwirizana atapita kukagwira kwina, ngongole ikubereka. Ndiye musaganize kuti ndikudzitama kuti ndinapambana. Ndinangochepetsa kuluza.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Oyamba akuti, "Ungomanga iwe, aliyense amatero." Zoona, ambiri amatero ndipo ena palibe chimawachitikira. Koma khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale kugwetsa chimene chamangidwa popanda chilolezo, ndipo tsiku limenelo kunena kuti "munachedwa ndinu" sikudzaimitsa khoma likugwa. Wolemera akagwetseredwa amamanganso. Ine ndi inu, ndalama ya nyengo zitatu za usipa yapita. Lisiti yolipirira mapulani si chilolezo, musazisokoneze.

Achiwiri akuti, "Ukanangopereka ya fanta ija bwenzi simenti yako isanaume." Mwina. Sindinama, ndinaganizapo usiku wonse. Koma fanta imeneyi ilibe lisiti. Wodyayo akasamutsidwa mawa, mukadandaula kwa ndani, poti nanunso mwaphwanya lamulo? Ndiponso mukalipira kuti fayilo yanu idumphe, mwaphunzitsa ofesiyo kuti kusunga fayilo kumabweretsa ndalama. Amene adzabwere pambuyo panu, mwina amayi anu omwe, adzaipeza itakwera mtengo. Ndalama iliyonse imene akufuna, funsani kuti ndikalipire pa windo liti ndipo lisiti ituluka? Ikakhala yoona akuonetsani windo. Ikakhala ya fanta nkhani imathera pompo.

Ndinenenso chilungamo: si onse a ku khonsolo amene ndi oipa. Ena ndi ochepa pa ntchito yambiri, ndipo zoti galimoto ilibe mafuta nthawi zina zimakhala zoona. N'chifukwa chake kukalipa pa kauntala n'kungodziwonongera. Bambo amene mwawanyoza lero ndi omwewo mudzawapemphe mawa kuti akufufuzireni fayilo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Lankhulani mwaulemu, koma chilichonse chilembedwe.

Amene mapulani anu apitirira tsiku limene munalonjezedwa, Lolemba likubwerali tengani lisiti, kope ndi cholembera, mukafunse mafunso atatu aja. Mukauzidwa chimene chikusoweka, konzani sabata yomweyo. Mukapanda kuuzidwa kanthu, lembani kalata, ndipo musachoke kope yanu isanadindidwe. Amene kulemba kumakuvutani, ndipezeni ku shedi madzulo, tidzalembera limodzi, sindilipiritsa. Za injini zokha ndiye mulipira.

Tumizirani m'bale wanu amene ali ndi njerwa zikungomera udzu pa puloti.