Polondola wovina, tengani nthawi ya phazi, thupi limangeni nokha

Pakati pa opanga makatuni pali mkangano wakale. Ena amati kukopa munthu akuvina, kenako n'kumalondola mizere ya thupi lake cithunzi ndi cithunzi mpaka asanduke katuni, ndi ulesi. Ena amati ndiyo njira yokha yopezera gule weniweni. Ife tikuona kuti mkanganowu umasiya funso lofunika: pa thupi la wovina, n'ciani coyenera kulondola, nanga coyenera kusiya n'citi? Maganizo athu ndi akuti kamera imadziwa nthawi kuposa dzanja, koma dzanja limadziwa kuonetsa kulemera kuposa kamera.

Njirayi imachedwa rotosikopu. Anaiyamba ndi Max Fleischer ku Amereka mu 1915. Makina ake ankawalitsa cithunzi cimodzi ca filimu kuseri kwa galasi, wojambula n'kuika pepala pamwamba, n'kulondola, kenako n'kupita pa cithunzi cotsatira. Lero galasilo lasanduka kompyuta kapena tabuleti, koma nchito ndi yomweyo.

Citsanzo cimene cimatiphunzitsa zambiri ndi katuni ya mu 1932 yochedwa Minnie the Moocher. A Fleischer anakopa woimba Cab Calloway akuvina mavinidwe ake aja otsetsereka, miyendo ili lobodolobodo. Mu katuni, wovinayo si munthu ayi. Ndi mzukwa wa cinyama conenepa ca m'nyanja zozizira, ca mano awiri ataliatali ngati minyanga. Palibe mzere wa nkhope kapena wa jekete wa Calloway umene unatsala, komabe aliyense amene waona Calloway weniweni kumayambiriro kwa filimuyo amamuzindikira nthawi yomweyo. Cimene cinasamuka ndi nthawi imene phazi likutera, mmene bondo likugonjera, ndi kacedwedwe ka mapewa potsatira ciuno. Thupi analimanga mwatsopano.

Yerekezani ndi Gulliver's Travels ya mu 1939, yocokera kwa anthu omwewo. Gulliver anamulondola mokhulupirika pa munthu weniweni, ndipo pakati pa timakatuni todumphadumpha amaoneka wouma, ngati akuyandama. Njira ndi imodzi, koma kuno analondola khungu m'malo mwa kayendedwe.

N'cifukwa ciani kulondola mokhulupirika kumacotsa kulemera? Munthu akatera pansi, thupi lake limafinyika pang'ono kwambiri. Pa vidiyo timakuona kufinyikako cifukwa ca mithunzi, minofu ikunjenjemera, fumbi ndi makwinya a nsalu. Wolondola amatenga mzere wakunja wokha, zonsezo n'kutsala. Conco mzere uyenera kusenza wokha katundu amene zinthu zambiri zinkathandizana, ndipo sungathe pokhapokha tiukokomeze.

Tiyeni tione ndi manambala. Tinene kuti takopa mayi akuvina cimtali kwa masekondi 4, citenje cili m'ciuno, ng'oma ikugunda ka 120 pa mphindi. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndiye tili ndi zithunzi 96, ndipo ng'oma ikugunda pa zithunzi 12 zilizonse, kugunda 8 konse pamodzi. Tisanagwire pensulo, tilembe nambala ya cithunzi ciliconse pamene phazi lagunda pansi. Mwina tipeza kuti ng'oma yagunda pa 13 koma phazi latera pa 14, ndipo ciuno cafika kumapeto pa 16. Kucedwa kwa cithunzi cimodzi kapena zitatu kumeneku ndiko kukoma kwa wovina ameneyu. Wojambula za m'mutu amaika zonse pa 13, gule n'kukhala wa asilikali. Apa kulondola kumathandiza, ndipo palibe cingalowe m'malo mwake.

Tikatero tilondole zinthu zocepa: malo a mapazi, kadontho pakati pa ciuno, mzere wa mapewa ndi mutu. Kenako tizimitse vidiyo. Thupi la katuni timalimanga pa mafupa amenewa mmene tikufunira. Pamene bondo lagonja, tiligonjetse kupitirira pamene kamera inaona. Pamene ciuno cafika kumapeto, ticikankhe pang'ono ndi kucisunga pamenepo zithunzi 2 kuti diso licigwire. Nsonga ya citenje izifika mocedwa, ciuno citayamba kale kubwerera.

Pali msampha wina umene magule athu a m'ciuno amagweramo kuposa ena. Pofuna kucepetsa nchito, opanga makatuni amajambula cithunzi cimodzi n'kuciwonetsa kawiri, kotero masekondi 4 aja amafuna zojambula 48 m'malo mwa 96. Pa munthu woyenda izi zilibe vuto. Koma tinene kuti ciuno cikugwedezeka ka 6 pa sekondi. Kugwedezeka kumodzi kukutenga zithunzi 4: kumanzere pa coyamba, pakati pa caciwiri, kumanja pa cacitatu, pakati pa cacinayi. Wolondola amene akungodumpha cithunzi cimodzicimodzi osayang'ana akagwera pa caciwiri ndi cacinayi, ciuno cimaima nji, ngakhale kuti mzere uliwonse waulondola molondola. Mankhwala ake ndi kusankha ndi maso zithunzi za kumapeto, kapena kujambula zonse 24 pa malo othamanga okhawo.

Vuto lina limayambira pokopa. Mafoni ambiri amakopa zithunzi 30 pa sekondi. Pozitembenuza kukhala 24, pulogalamu imataya cimodzi pa zisanu zilizonse kapena imazisakaniza, ndipo nthawi ija tinkaifuna yaonongeka tisanayambe. Ndi bwino kuika foni pa 24 kuyambira paciyambi, kuikhazika posagwedezeka, mapazi onse akuoneka, panja pali kuwala kokwanira kuti dzanja lothamanga lisasanduke utsi. Dzanja likasanduka utsi, wolondola amangolota pamene mzere uli, ndipo katuni imayamba kunjenjemera ngati madzi owira.

Tingadziwe bwanji kuti nchito yatheka? Tipake wovina yense inki yakuda kuti atsale ngati mthunzi. Ngati sitingathe kuona mwendo umene wasenza thupi, takopera cisokonezo ca kamera. Tiike kadontho pansi pa phazi loponda. Ngati phazi likucoka pa kadonthoko lisananyamuke, wovina akutsetsereka. Comaliza, tizimitse mawu, tiitane munthu wodziwa guleyo aombe m'manja poonera. Akagwira ng'oma popanda kuimva, nthawi yasungika.

Ena adzatsutsa kuti mzere wonjenjemera ndi kuyandama kuja nthawi zina n'zokongola. N'zoona, pa maloto kapena mizukwa zimagwira nchito. Koma gule wa ng'oma amakhala pa nthaka, ndipo wovina amene sakulemera pansi wasiya kuvina.

Ngati cimene timatenga ndi nthawi ya phazi, ndiye kuti tikutenga luso lenileni la munthu, ngakhale nkhope yake isaoneke. Calloway anaoneka m'filimu yake ndipo dzina lake linamveka. Marge Champion, amene a Disney anamukopa akuvina kuti apange Snow White ya mu 1937, dzina lake silinalembedwe pa filimuyo. Tikakopa wovina wa ku Katete kapena wa ku Matero, timuuze kumene mapazi ake akupita, tigwirizane za malipiro kamera isanayake, ndipo dzina lake lilembedwe pamodzi ndi la wojambula.