Ndemanga: Kalata yotsutsa galafu ya mitengo ya chimanga

Kalata yopita kwa mkonzi wa nyuzipepala yotsutsa galafu ya mitengo ya chimanga imakhala ndi ntchito yovuta kuposa kalata yotsutsa bodza wamba. Bodza wamba limagwa munthu akangotchula nambala yolondola. Galafu yosocheretsa nthawi zambiri imakhala ndi manambala oona okhaokha, ndipo chonama chimakhala kajambulidwe kake. Mutu wa nkhani umati chimanga chagwa mtengo, pansi pake pali timizati tiwiri, kena katali kena kafupi, ndipo wowerenga amakhulupirira asanaone nambala ngakhale imodzi. M'mawa mwake mutu womwewo umawerengedwa pa wailesi m'pologalamu yoona zimene manyuzi alemba, galafu yatsala m'mbuyo, ndipo mlimi wa ku Embangweni kapena mayi wogula ufa pa Mzimba boma amangomva mawu akuti chagwa. Kalata yabwino imayenera kusonyeza pamene chithunzi chasiyana ndi manambala ake omwe.

Poyambira pake ndi mzere woimirira wa kumanzere, pamene pamalembedwa mitengo. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, ofuna kuonetsa mmene masamu ake amayendera. Galafu ionetse kuti mu Febuluwale kilogalamu imodzi inali pa K900, ndipo mu Juni inali pa K750. Kusiyana kwake ndi K150, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mtengo woyamba, pafupifupi 17 peresenti. Thumba la makilogalamu 50 lachoka pa K45,000 kufika pa K37,500. Kutsika kulipo ndithu, koma thumbalo likadali lodula.

Wojambula akayambira mzere wake pa ziro, kamzati ka Juni kamangochepera pang'ono ka Febuluwale, ndipo diso limaona zoona. Koma akayambira pa K700, kamzati ka Febuluwale kamakwera masitepe 200 pamene ka Juni kamakwera masitepe 50 okha. Papepala koyambako kamatalika kanayi kuposa kachiwiri. Diso limamva kuti mtengo wagwa ndi magawo atatu mwa anayi, ngati kuti thumba la K45,000 tsopano likugulidwa pa K11,250. Palibe nambala imene yasinthidwa. Chachotsedwa ndi K700 ya pansi, yomwe ndi ndalama yochuluka mwa imene wogula amatulutsa m'thumba. Wolemba kalata akhoza kutsimikiza zimenezi ndi lula ya mwana wasukulu: ayeze kutalika kwa timizati tiwiri, agawe, kenako agawe mitengo iwiriyo, aone ngati mayankho akufanana. Pachitsanzochi timizati tikupereka 4, mitengo ikupereka 1.2.

Pano pafunika chilungamo, chifukwa si galafu iliyonse yosayambira pa ziro imene ili yolakwika. Galafu ya mzere woyenda mwezi ndi mwezi ikhoza kuyambira pamwamba kuti kusintha kwakung'ono kuoneke, bola zilembedwe poonekera. Koma ya timizati ilibe chowiringula, popeza uthenga wake wonse uli m'kutalika kwa kamzati. Kalata imene imasiyanitsa ziwirizi imamveka kuti yalembedwa ndi munthu wodziwa chimene akunena, ndipo mkonzi amavutika kuitaya m'bini.

Cholakwa chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba, ngakhale sichioneka msanga. Chili pa mzere wogona wa pansi, pamene pali miyezi. Ku Malawi mtengo wa chimanga uli ndi kayendedwe kake ka chaka ndi chaka. Umakwera pa nyengo imene nkhokwe zatha, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo umatsika anthu akayamba kukolola. Kummwera kukolola kumayamba msanga, cha mu Epulo, pamene ku Mzimba, komwe mvula imayamba mochedwerapo ndipo kumazizira, chimanga chambiri chimalowa pamsika cha mu Meyi, Juni ndi Julayi. Choncho galafu yoyambira mu Febuluwale n'kuthera mu Juni imaonetsa mzere wotsika pafupifupi chaka chilichonse, kaya boma lachitapo kanthu kaya ayi, kaya chaka n'chabwino kaya n'choipa. Kunena kuti ndondomeko inayake ndiyo yatsitsa mtengo pa miyezi imeneyi kuli ngati kudzitamandira kuti wazimitsa dzuwa poti kwada.

Funso loyenera ndi lakuti Juni wa chaka chino ali pati pomuyerekeza ndi Juni wa chaka chatha. Pachitsanzo chija, ngati Juni wa chaka chatha kilogalamu inali pa K500, ndiye kuti K750 ya chaka chino ndi kukwera kwa theka lathunthu, 50 peresenti. Manambala omwewo amene anabala mutu wakuti chimanga chagwa akanabala mutu wakuti chimanga chakwera, ndipo wachiwiriwu ndi umene ukuuza banja zoti liyembekezere. Mtengo wa nthawi yokolola ndi poyambira pa chaka chonse. Ukayambira pamwamba, ndiye kuti pofika Januwale zinthu zikhoza kuthina kwambiri. Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi: ng'amba ya El Niño itawononga mbewu, boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, komabe chimanga chatsopano chitayamba kulowa pamsika mitengo inatsikako monga mwa nthawi zonse. Galafu ya miyezi yochepa yokhayo ikanatha kuonetsa dziko la mwanaalirenji pa chaka cha njala.

Kutsika kwa nthawi yokolola kulinso ndi nkhope ziwiri, ndipo kummwera kwa Mzimba zonse zimakhala m'nyumba imodzi. Mlimi wa ku Champhira kapena ku Luwerezi amagulitsa mu Juni chifukwa akufuna fizi ya ana, sopo ndi kubweza ngongole ya feteleza. Mlimi yemweyo amakagulanso chimanga mu Febuluwale chake chitatha. Mzere umene nyuzipepala yaujambula ngati nkhani yabwino, kwa iye ukutanthauza kuti wagulitsa motchipa chimene adzagule modula.

Cholakwa chachitatu chimapezeka pa galafu za zaka zingapo, ndipo chimasocheretsa mbali inayo. Kwacha ya chaka china si yofanana ndi kwacha ya chaka chinzake. Banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wotsikitsitsa umene unduna wa zaulimi umalengeza kuti alimi azigulitsira chimanga unali K220 pa kilogalamu mu 2022, K500 mu 2023 ndi K650 mu 2024. Papepala ndi masitepe okwera bwino, ndipo munthu akhoza kuwagwiritsa ntchito ponena kuti mlimi akulemera. Koma kuchoka pa K500 kufika pa K650 ndi kukwera kwa 30 peresenti, pamene m'miyezi yokolola ya 2024 ofesi ya NSO ku Zomba inkalengeza kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi kupitirira 30 peresenti pa chaka. Ndiye kuti K650 ya 2024 sinkagula zambiri kuposa K500 ya 2023. Njira yapafupi yoonetsera zimenezi m'kalata ndiyo kufunsa kuti pamafunika matumba angati a chimanga kuti munthu agule thumba limodzi la feteleza chaka chilichonse. Funso limenelo mlimi aliyense amalimva popanda kumumasulira.

Mtengo wa boma umenewu suyeneranso kusakanizidwa ndi wa pamsika. Wina ndi umene boma likufuna kuti mlimi alandire, wina ndi umene venda amalipiradi pakhomo pa mlimi, wina ndi wa Admarc ikakhala ndi chimanga, wina ndi umene wogula amalipira pamsika. Mzere umodzi woyamba ndi mtundu wina wa mtengo n'kumaliza ndi wina ulibe tanthauzo lililonse.

Chotsala ndi funso lakuti mtengowo ndi wa kuti. Bungwe la IFPRI limatulutsa lipoti la mwezi ndi mwezi la mitengo yogulitsira chimanga m'misika yosiyanasiyana ya m'dziko muno, ndipo misika ya Mzimba ndi Jenda ili m'gulu limenelo. Malipoti amenewa kawirikawiri amaonetsa kuti kumpoto chimanga chimatsikirako mtengo, pamene kummwera, monga ku Chikwawa ndi Nsanje, chimadula. Avereji ya dziko lonse ikhoza kutsika mu Epulo chifukwa kummwera ayamba kukolola, pomwe ku Mzimba chimanga chikadali m'munda. Jenda ilinso ndi zakezake: ili pamsewu wa M1, kufupi ndi malire a Zambia cha ku Lundazi, kotero mtengo wake umamvera malole opita ku Kasungu ndi Lilongwe komanso chimanga chodutsa malire. Pamwamba pa izi, malonda ambiri akumudzi sachitika pa sikelo. Amachitika pa ndowa, ndipo ndowa ya malita 20 si makilogalamu 20. Kulemera kwake kumadalira kuti yadzazidwa motani, yaphwanyidwa kapena kufutukulidwa m'mbali motani, komanso chimangacho chauma bwanji.

Apa ndi pamene kalata zambiri zimadzigwetsa zokha. Wolemba amati galafu ndi yabodza chifukwa iye anagula ndowa pa mtengo wakutiwakuti Loweruka lapitali. Mtengo wa msika umodzi pa tsiku limodzi sungagwetse avereji ya misika yambiri, ndipo mkonzi ali ndi ufulu woyankha choncho. Kunena kuti nyuzipepala yalandira ziphuphu nakonso n'kufooketsa mlandu, chifukwa nthawi zambiri mzere wodulidwa umachokera ku pologalamu ya pakompyuta imene imadzisankhira poyambira, wojambula ali pa changu cha kutseka tsamba. Cholinga cha munthu n'chovuta kuchitsimikiza, pamene kutalika kwa kamzati aliyense angakuyeze.

Kalata yogwira mtima imatchula tsiku ndi tsamba pamene galafu inatuluka, imabwereza manambala a galafuyo osawasintha, imaonetsa masamu a K150 pa K900 m'chiganizo chimodzi, ndi kuika pambali pake mtengo wa mwezi womwewo chaka chatha pamodzi ndi kumene wachokera. Kenako imapempha zinthu zotheka: galafu ijambulidwenso kuyambira pa ziro, ionetse miyezi yosachepera 13 kuti mwezi womaliza ukumane ndi mnzake wa chaka chatha, ndipo pansi pake palembedwe gwero, misika ndi mtundu wa mtengo. Ikhale yaifupi, popeza malo a makalata ndi ochepa ndipo yaitali imadulidwa ndi mkonzi yemweyo. Wolemba amaika dzina lake ndi kumene akukhala. Nyuzipepala ikakana kukonza cholakwa choonekeratu, dandaulo likhoza kupita ku bungwe la Media Council of Malawi, lomwe limamva madandaulo okhudza ntchito za atolankhani.