Nambala ya pansi pa mzere

Ophunzira unamwino wa m'midzi akamakonzekera mayeso amaloweza matanthauzo a insidensi, pirivalensi ndi motalite mpaka usiku. Ine ndaona kuti ambiri sagwera pa tanthauzo. Amagwera pa funso limodzi: anthu odwalawa tikuwagawa ndi ndani?

Tiyerekeze mudzi wa anthu 2,000 kufupi ndi Mtakataka; manambalawa ndi ophunzirira chabe. Pa 1 Januwale mlangizi wa zaumoyo apeza kuti anthu 100 ali ndi kachilombo ka HIV. Pirivalensi imawerenga onse amene ali ndi vutolo pa nthawiyo, akale ndi atsopano omwe, n'kugawa ndi anthu onse a m'mudzimo. Choncho 100 ÷ 2,000 × 100 itipatsa anthu 5 pa 100 alionse.

Chaka chikamatha, anthu ena 19 atenga kachilomboka. Apa tafika pa insidensi, imene imawerenga atsopano okha m'nyengo yotchulidwa. Wophunzira wofulumira agawa 19 ndi 2,000 n'kupeza 9.5 pa 1,000. Walakwa pang'ono, koma walakwa. Anthu 100 aja sangatengenso koyamba chimene ali nacho kale, ndiye ayenera kuchotsedwa. Otsala amene anali pa chiopsezo ndi 1,900, ndipo 19 ÷ 1,900 × 1,000 itipatsa anthu 10 pa 1,000 pa chaka. Mawu akuti "pa chaka" asasiyidwe, chifukwa insidensi yopanda nyengo siuza munthu chilichonse.

Kusiyana kwa ziwirizi kumandikhudza chifukwa cha zimene taona ndi maso athu. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, anthu amene akanamwalira akulima ndi kulera ana awo. Munthu wotere amawerengedwabe mu pirivalensi chaka ndi chaka. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 m'Malawi ali ndi kachilomboka, pomwe ongotenga kumene pa chaka anali 0.21 pa 100. Pirivalensi ikakhala yokwera, mwina matenda akufala, mwinanso odwala akukhala ndi moyo nthawi yaitali. Namwino wofuna kudziwa ngati ntchito yopewa ikuyenda ayang'ane insidensi.

Pa imfa msampha wake ndi womwewo. Tinene kuti m'dzinja kolera walowa m'mudzi uja, anthu 50 adwala, awiri amwalira. Motalite ya kolera imagawa imfazo ndi anthu onse a m'mudzi: 2 ÷ 2,000 × 1,000, kutanthauza munthu mmodzi pa 1,000. Kesi fatalite imagawa imfa zomwezo ndi odwala okha: 2 ÷ 50 × 100, kutanthauza 4 pa 100. Yoyamba ikunena kukula kwa chimene mudzi wataya. Yachiwiri ikufunsa ngati wodwala analandira thanzi ndi diripi nthawi yabwino. Bungwe la WHO limati chisamaliro chikakhala choyenera, imfa za kolera zisafike mmodzi pa odwala 100. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira, pafupifupi atatu pa 100. Tikatembenuza nambalayo kukhala nkhope, ndi anthu amene madzi anawathera m'thupi ali pa njinga kapena pa machira, ulendo wa kuchipatala usanathe.

Pa pepala la mayeso nambala ya pansi imaperekedwa yokonzeka. Kuno kuchigwa kwa Dedza siikhala choncho. Asodzi amabwera ndi kuchoka potsata usipa, kotero chiwerengero cha m'doko cha Januwale sichifanana ndi cha Ogasiti. Chipatala cha Mua chimalandira odwala ochokera ku Golomoti ndi madera ena akutali, ndiye kugawa odwala onse a m'kaundula wake ndi anthu a midzi yozungulira Mua yokha kungaonetse ngati matenda achuluka pamene sanachuluke. Pamwamba pa mzere palinso zovuta zake. Mwana mmodzi wodwala malungo katatu pa chaka amalembedwa katatu, choncho wowerengera anene poyera ngati akuwerenga ana kapena maulendo a matenda.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja womwalirira kunyumba mitsinje yochokera m'mapiri itadzaza. Sanafike pa chipatala, ndiye kaundula samudziwa. M'mudzi wathu uja, ngati anthu ena awiri anafa motero, odwala ndi 52, imfa ndi zinayi, ndipo kesi fatalite yachoka pa 4 kufika pa 7.7 pa 100. Maina a awiriwo ali ndi anyakwawa ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo namwino ayenera kupita kukawafunsa lipoti lisanatumizidwe ku boma.